Ulendo wa ku Kazuni: chochita m'mimba mukatseguka muli kutali ndi chipatala

Ngati mukuchokera ku Lilongwe kupita ku Kazuni, konzekerani kukhala panjira tsiku lonse. Kuchoka mu Lilongwe kukafika ku Mzuzu pamsewu wa M1 ndi makilomita opitirira 350, kudutsa pa Mponela, Kasungu, Jenda ndi m'nkhalango ya Chikangawa. Kuchoka ku Mzuzu mumadutsa pa Ekwendeni n'kukhotera ku Rumphi boma, kenako n'kutsala ndi makilomita pafupifupi 30 kuti mufike pachipata cha Kazuni, cholowera kumalo osungirako nyama zakuthengo a Vwaza. Gawo lomalizali ndi lalifupi mukaliwerenga pafoni, koma mbali ina ndi msewu wafumbi, galimoto sizidutsa pafupipafupi, ndipo m'nyengo ya mvula limadya nthawi.

Paulendo wotere palibe amene amafika osadya kanthu. Mudzagula tchipisi pachiwaya, mudzamwa madzi amene simukudziwa kumene atungidwa, mwinanso mudzatsegula kontena ya mpunga womwe munaphika dzulo usiku. Ambiri amafika bwinobwino. Ena, pakapita tsiku limodzi kapena awiri, amayamba kuthamangira kuchimbudzi ali kale kutali ndi chipatala chachikulu cha boma, chomwe chili pa Rumphi boma. Funso lenileni kwa inu ndi lakuti mudzakhala mutanyamula chiyani usiku umenewo, ndipo mudzadziwa bwanji kuti zafika poti n'kusaka galimoto.

Nkhaniyi inasiya kukhala yongoseketsana m'basi kuyambira mu 2022. Mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga m'mwezi wa Malichi chaka chimenecho unayenda ndi anthu mpaka kufika m'maboma onse a dziko lino. Pofika kumapeto kwa Okutobala 2022, Rumphi anali m'gulu la maboma amene anali ndi odwala ambiri, limodzi ndi Nkhata Bay ndi Karonga, ndipo izi zinachitika m'chilimwe, nthawi yomwe ambiri timaganiza kuti kolera kulibe. Pa 5 Disembala 2022 boma linalengeza kuti mliriwu ndi ngozi pa umoyo wa anthu m'dziko muno. Pomwe unkazilala, anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Mliri uja unatha, koma kolera imabukabe apa ndi apo, ndipo mijigo, zimbudzi za m'madepoti ndi ziwaya za m'mbali mwa M1 sizinasinthe kwenikweni.

Komabe musafulumire kuganiza za kolera nthawi iliyonse m'mimba mukabwadamuka. Kutsegula m'mimba kwa apaulendo kochuluka kumayamba ndi tizilombo tina, ndipo kwa munthu wamkulu wathanzi kumatha kokha pamasiku atatu mpaka asanu. Chomwe matenda onsewa amafanana n'chakuti amapha pochotsa madzi ndi mchere m'thupi. Kathumba kanu ka mankhwala kayenera kumangidwa pa mfundo imeneyi.

Yang'anani wotchi musanaloze chala

Munthu akayamba kutsegula m'mimba amakonda kunamizira chakudya chomwe wadya komaliza. Nthawi zambiri chakudyacho chimakhala chosalakwa. Nthawi yomwe yadutsa kuchokera pomwe munadya kufika pomwe mwayamba kudwala ndi yomwe imakuuzani zambiri.

Tiyambe ndi zosaopsa. Nseru ndi chizungulire zomwe zimayamba basi ikukhotakhota m'mapiri a Chikangawa, n'kuleka mukatsika ndi kupuma, zimachokera ku kugwedezeka kwa galimoto, osati ku chakudya. Kudzimbidwa ndi kutupa mimba mutakhala pampando maola asanu ndi atatu, mukudziletsa kumwa madzi poopa kusowa pokodzera, nakonso si matenda opatsirana. Imwani madzi, yendaniyendani, zimatha.

Kusanza kwamphamvu komwe kwayamba pakati pa ola limodzi ndi maola 6 mutadya ndi nkhani ina. Apa kawirikawiri si tizilombo tamoyo tomwe takugwirani, koma poizoni yemwe mabakiteriya anasiya kale m'chakudya chitakhalitsa pamalo ofunda. Mpunga wophika ndi wodziwika pa zimenezi. Mabakiteriya ena a mumpunga safa pophika, ndipo mpungawo ukatsekeredwa mukontena usiku wonse kenako n'kukhala m'basi yotentha mpaka masana, amaswana n'kutulutsa poizoni yemwe saphedwa ngakhale mutautenthetsanso. Choncho kamba wochokera kunyumba kwanu angathe kukudwalitsani kuposa tchipisi cha pa Jenda. Kudwala kotereku kumabwera mwaukali koma kumakonda kutha pasanathe tsiku, ndipo mankhwala opha mabakiteriya sathandiza chilichonse, chifukwa palibe choti aphe.

Kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, kopotokola, komwe kwayamba patatha tsiku limodzi mpaka atatu ndiko kofala kwambiri kwa apaulendo. Apa tizilombo tinalowa tamoyo kudzera m'madzi, m'saladi kapena m'manja, n'kutenga nthawi kuti tichulukane m'matumbo. Tanthauzo lake n'lakuti ngati mwayamba kudwala Lamlungu muli ku Kazuni, chomwe chakulakwirani mwina ndi kabichi wa Lachisanu panjira, osati nsima ya azakhali anu omwe akulandirani. Pamaliro ndi pamaukwati mabanja amayambana chifukwa chosadziwa zimenezi.

Kolera imaonekera pakati pa maola 12 ndi masiku 5 munthu atamwa kapena kudya tizilombo take. Chizindikiro chake ndi chimbudzi chamadzi okhaokha, chochuluka, chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, chongotuluka nthawi zambiri popanda kupweteka m'mimba kwenikweni komanso popanda kutentha thupi. Kusapwetekaku n'komwe kumapusitsa anthu. Munthu wamkulu yemwe anali bwinobwino m'mawa angathe kukhala atafookeratu madzulo, miyendo ikukokana, mawu atasasa.

Ndipo mukaona magazi kapena zonanda m'chimbudzi, thupi likutentha, mukumva kufuna kupita kuchimbudzi koma n'kutuluka zochepa, ameneyo ndi kamwazi. Ameneyu amafuna achipatala, chifukwa ndi m'gulu la matenda ochepa a m'mimba omwe amafunadi mankhwala opha mabakiteriya, ndipo oyenera kusankha mankhwalawo ndi dokotala.

Pachiwaya, vuto si tchipisi

Malangizo akuti "musadye zakudya zam'misewu" ndi osavuta kulemba muli muofesi, koma sathandiza munthu amene wakwera basi 6 koloko m'mawa ndi ana awiri. Komanso amapondereza amayi ndi anyamata omwe amadyetsa mabanja awo ndi geni imeneyi. Chothandiza ndi kudziwa mbali ya mbale yomwe ili ndi vuto.

Kutentha ndiye mnzanu. Tchipisi chomwe chavuulidwa m'mafuta owira inu mukuona, chimanga chochoka pamakala, mbatata yootcha, kanyenya wopsa mpaka mkati wosatuluka madzi ofiira, zonsezi zapyola pamoto wokwanira kupha tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba. Mabakiteriya amaswana mofulumira m'chakudya chomwe sichikutentha komanso sichikuzizira, chomwe changokhala chofunda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophikaphika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Ndiye yang'anani m'mphepete mwa chiwaya, pomwe amaunjikapo tchipisi ndi nyama zokazingakazinga podikira basi. Simukudziwa kuti zakhalapo nthawi yaitali bwanji. Muuzeni wogulitsa mwaulemu kuti, achimwene, tabwezeraniko m'mafutamo pang'ono. Ambiri sakana.

Chomwe chimaononga mbale yabwinoyo ndi zomwe amathira pamwamba. Kabichi, tomato ndi anyezi zimadulidwa m'mawa ndi mpeni womwe mwina wadula nyama yaiwisi, zimatsukidwa m'ndowa imodzi yomwe ikutsukanso mbale tsiku lonse, ndipo sizipita pamoto. Tsabola wa m'botolo yemwe amangowonjezeramo madzi ndi chimodzimodzi. Mchere, viniga ndi tsabola sizipha tizilombo pamlingo womwe timathira m'chakudya. Kwa ine, paulendo wautali, tchipisi chopanda saladi ndicho chisankho chosavuta kuposa zonse chomwe chimachotsa chiopsezo chachikulu.

Zogulitsa pazenera la basi zigaweni pawiri. Nthochi, manachesi, dzira lowiritsa losasweka chikamba ndi mtedza wosasenda zili ndi chophimba chawo, ndipo mumasenda nokha. Chinanazi kapena mavwembe oduladula, nyama yozizira ya m'beseni, soseji, mafilizesi ndi madzi omangidwa pamanja m'timapepala ta pulasitiki zadutsa m'manja ndi m'madzi omwe simunawaone. Kuzizira kwa mafilizesi sikupha tizilombo, kumangotisunga. Thobwa nalo limaphikidwa bwino poyamba, koma funso ndi botolo lomwe athiramo ndi madzi omwe atsukira botololo.

Kenako pali manja anu. Agwira ndalama, chitseko cha chimbudzi cha padepoti ndi mpando wa basi, ndipo tchipisi timadya ndi zala. Beseni lomwe aliyense akusambamo pachiwaya limangogawa tizilombo kwa onse. Thirirani madzi kuchokera m'botolo kapena m'jagi, ndi sopo wanu. Sanitaiza amathandiza pomwe palibiretu madzi, koma sagwira bwino ntchito pamanja amafuta kapena afumbi, ndipo tizilombo tina toyambitsa kusanza sitifa naye.

Mukafika kumudzi musamasuke msanga pa nkhani ya madzi. Madzi a pamjigo amakhala abwino potuluka, koma amaipitsidwa m'ndowa yosavindikira ndi kapu yomwe aliyense akuviika. Madzi a mumtsinje wa South Rukuru, a m'nyanja ya Kazuni momwe mumakhala mvuu zija, kapena a pachitsime chosatetezedwa, musamwe osawiritsa kapena kuthira mankhwala. Eni mudzi angakuuzeni kuti iwo amamwa omwewo osadwala. Mbali ina akunena zoona, chifukwa thupi limazolowera tizilombo tina ta kwanuko, koma inu mlendo, ngakhale munabadwira komweko n'kukakhalitsa m'tauni, chitetezo chimenecho mulibe chonse. Powiritsa, madzi abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Pothira Wotagadi, muyezo wa masiku onse ndi kachivindikiro kamodzi m'ndowa ya malita 20, n'kudikira mphindi 30, koma werengani zomwe zalembedwa pabotolo lomwe mwagula. Madzi akakhala amatope, ayambe adikha ndipo muwasefe pansalu yoyera, chifukwa dothi limadya mphamvu ya kolorini.

Usiku wa Lamlungu ku Kazuni

Tiyerekeze motere. Mwanyamuka ku Lilongwe Lachisanu ndi mwana wa zaka ziwiri, wolemera makilogalamu 12 malinga ndi kabuku kake ka kusikelo. Panjira munagawana tchipisi cha saladi. Lamlungu madzulo, muli kumudzi pafupi ndi Kazuni, mwana wayamba kutsegula m'mimba, kanayi pofika 8 koloko usiku, ndipo wasanza kamodzi.

Choyamba si kufunafuna mankhwala oletsa. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini. Ngati mulibe choyezera, botolo la madzi ogula la mamililita 500 lodzaza kawiri ndiyo lita imodzi. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amathira paketi yonse m'kapu imodzi kapena m'botolo limodzi laling'ono poganiza kuti ikakhala yamphamvu igwira msanga. Thanzi wokhathamira chotere amakhala ndi mchere wochuluka woti angavulaze mwana. Osawonjezera shuga, osathira m'sobo kapena mumkaka, ndipo wotsala pakatha maola 24 mutaye n'kupanga wina.

Chifukwa chomwe Thanzi amaposera madzi wamba n'chakuti matumbo, ngakhale akudwala, amathabe kuyamwa mchere ukakhala limodzi ndi shuga pamlingo woyenera, ndipo madzi amatsatira mcherewo kulowa m'thupi. Zakumwa zoziziritsa kukhosi zili ndi shuga wambiri koma mchere wochepa, ndipo shuga wochulukayo amakokera madzi m'matumbo n'kuwonjezera kutsegula. Zakumwa zopatsa mphamvu zomwe madalaivala amakonda ndi zoipirapo.

Tsopano muoneni mwanayo. Ngati akusewera, maso ali bwinobwino, akumwa mwachizolowezi ndipo akukodza, madzi sanathe m'thupi. Mwana wosakwana zaka ziwiri mumpatse mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi, wa zaka 2 mpaka 10 mumpatse 100 mpaka 200, ndiye kuti theka la kapu mpaka kapu yodzaza. Wamkulu amwe momwe angathere.

Koma ngati akuvutavuta, maso alowa, akumwa mwaphuma ngati wakhala tsiku osamwa, ndipo mukatsina khungu la pamimba likubwerera pang'onopang'ono, madzi ayamba kuchepa. Zizindikiro ziwiri mwa zimenezi n'zokwanira. Muyezo womwe azaumoyo amagwiritsa ntchito apa ndi mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse, m'maola 4. Kwa mwana wathu wa makilogalamu 12, ndiye 75 kuchulukitsa ka 12, zomwe zikupereka mamililita 900, pafupifupi lita yonse ija. Mukagawa m'maola anayi ndi mamililita 225 pa ola, kapu imodzi yapakati. Musampatse kapu yonse nthawi imodzi. Mupatseni ndi supuni yaing'ono, imodzi pa mphindi iliyonse kapena ziwiri, kapena timadzi tochepa ta m'kapu pafupipafupi. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambanso pang'onopang'ono. Kusanza si chifukwa chosiyira, poti zambiri zomwe wamwa zimatsalabe m'thupi. Ngati akuyamwa, apitirize kuyamwa. Mwana wofika pamenepa ayenera kukaonedwa ndi azaumoyo, ndiye pomwe wina akumwetsa, wina ayambe kuimbira wa njinga yamoto kapena mwini galimoto, komanso kufunsa komwe kuli mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Musadikire kuti kuche kaye kuti muyambe kufunsa.

Pali zizindikiro zomwe sizifuna kukambirana. Mwana kapena wamkulu akafooka mpaka kumangogona osadzutsika bwino, akalephera kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, khungu likamatenga masekondi opitirira awiri kuti libwerere, kapena akatha maola 6 mpaka 8 osakodza, ameneyo akufunika diripi. Chimodzimodzi chimbudzi chonga madzi a mpunga chija, magazi m'chimbudzi, kapena kutentha thupi kwambiri. Nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala chapafupi, ndipo botolo la Thanzi likhale m'manja, muzimwetsa panjira ngati wodwalayo akutha kumeza. M'tauni mungathe kunena kuti tione kaye ola limodzi. Ku Kazuni ola limenelo ndi lomwe mudzathere posaka galimoto, ndiye chisankho chanu chiyenera kubwera msanga kuposa momwe mukanachitira ku Area 25. Makanda osakwana miyezi 6, amayi oyembekezera, okalamba, odwala shuga kapena impso ndi omwe chitetezo cha m'thupi chili chotsika asayese n'komwe kudikira.

Mwana akayamba kutsitsimuka, mupatseni zinki: piritsi la mamiligalamu 20 kamodzi patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, kapena theka lake ngati sanakwane miyezi 6. Limasungunuka m'supuni ya madzi kapena ya mkaka wa m'mawere. Zinki amafupikitsa matendawa ndipo amathandiza kuti asabwerenso msanga m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira, koma pokhapokha mwamaliza masiku onse, osati kusiya tsiku lomwe chimbudzi chalimba. Chakudya musamumane. Phala, nsima yofewa, nthochi ndi mbatata zili bwino, pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

Zoika m'kathumba

Kuwerengera komwe tachita pamwambapa kukuuzani kuchuluka kwa Thanzi woti munyamule. Munthu wamkulu yemwe madzi ayamba kumuthera angafunike malita awiri mpaka anayi m'maola anayi oyamba okha, ndiye kuti mapaketi awiri mpaka anayi usiku umodzi. Paketi imodzi yomwe ambiri amaponya m'chikwama ndi yongodzitonthoza nayo. Ine ndinganene kuti munthu mmodzi anyamule osachepera anayi, banja linyamule khumi. Ndi opepuka, satenga malo, ndipo amapezeka m'mafamase ndi m'magolosale ambiri a m'tauni. Onani tsiku lothera ntchito, ndipo paketi yomwe yalowa chinyontho n'kuuma ngati mwala itayeni.

Thanzi akakutherani, njira yongogwirizira ndi masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Lawani: asawawe mchere kuposa misozi. Madzi amenewa alibe zonse zomwe zili mu Thanzi, ndiye ndi okufikitsani kuchipatala basi.

Pambali pa Thanzi ikani botolo lolimba lomwe mukudziwa kukula kwake, la lita imodzi kapena la theka, supuni yaing'ono, ndi kabotolo ka Wotagadi komangidwa bwino m'jumbo kuti kasadonthere zovala. Ngati muli ndi mwana wosakwana zaka zisanu, onjezerani zinki wokwana masiku onse. Sopo wodula, pepala la kuchimbudzi, majumbo angapo osanziramo kapena okulungira matewera, ndi panado wa kutentha thupi zikumaliza kathumbako. Tochi kapena foni yokhala ndi moto imaoneka ngati si ya m'gulu la mankhwala mpaka usiku womwe mukufuna kuona ngati m'chimbudzi cha mwana muli magazi. Kabuku ka kuchipatala musakasiye, ndipo sungani padera ndalama ya galimoto yobwerera ku Rumphi boma, yomwe simuikhudza ngakhale zitavuta bwanji pamaliro. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, nyamulani opitirira masiku a ulendo, ndipo mukadwala m'mimba kwambiri auzeni achipatala zomwe mumamwa, chifukwa ena mwa mankhwalawa amafunika kuunikidwanso thupi likataya madzi.

Zomwe ndikukupemphani kuti musaike ndi zomwe ambiri timayamba kuika. Fulajilo ndi bakitilimu zasanduka ngati maswiti a apaulendo, moti munthu akangomva kulira m'mimba amameza awiri. Fulajilo amagwira ntchito pa tizilombo tina tochepa ta m'matumbo, koma sachita kanthu pa mavairasi, pa poizoni wa mumpunga uja, kapena pa mabakiteriya omwe amayambitsa kutsegula m'mimba kwa apaulendo kochuluka. Amaonjezera nseru, ndipo akaphatikizana ndi mowa amatha kudwalitsa koopsa. Anthu amati anawathandiza chifukwa matendawo amakhala akutha okha pa tsiku lachitatu. Bakitilimu naye mabakiteriya ambiri a m'matumbo anamuzolowera kale. Izi sizikukhudza inu amene achipatala anakulemberani bakitilimu wa tsiku ndi tsiku. Inu pitirizani monga anakuuzirani.

Mtengo wa chizolowezi chimenechi tikuulipira kale. Kuyambira cha m'ma 2011 mzinda wa Blantyre unaona kukwera kwa taifodi yosamva mankhwala atatu akale omwe ankaichiza, ndipo bakitilimu ndi mmodzi mwa atatuwo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe dziko lino linayambitsira katemera wa taifodi mu Meyi 2023, pa kampeni yomwe inafikira ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15. Piritsi lililonse lomwedwa popanda chifukwa limaphunzitsa tizilombo kupirira, ndipo tsiku lomwe mudzawafunedi mankhwalawo adzakhala atafooka.

Nanga mankhwala oimitsa kutsegula m'mimba, monga loperamaidi? Ali ndi malo ake ochepa. Munthu wamkulu yemwe akutsegula pang'ono, wopanda magazi, wosatentha thupi, ndipo akuyenera kukwera basi ya maola ambiri, angamwe motsatira malangizo a wa kufamase kuti afike. Sachiza, amangochedwetsa matumbo. Musampatse mwana, musamwe ngati pali magazi kapena kutentha thupi, ndipo musamwe ngati mukuganizira kolera, chifukwa madzi amapitirira kutayikira m'matumbo inu n'kumaganiza kuti mwachira. Bulufeni ndi indosidi nazonso zipeweni thupi likataya madzi, poti zimapweteka impso zomwe zili kale pampanipani.

Mukabwerera kwanu

Ulendo sumathera pomwe mwatsika basi. Taifodi imatenga sabata imodzi mpaka atatu kuti ionekere, ndipo imabwera ndi kutentha thupi komwe kumakwera tsiku ndi tsiku, mutu ndi kupweteka m'mimba, nthawi zina ndi kudzimbidwa m'malo mwa kutsegula. Kutsegula m'mimba komwe kwapitirira masiku 14, kwa mpweya wambiri ndi chimbudzi chonunkha mwachilendo, kumafunika kuyezetsa chimbudzi. Apa ndi pomwe dokotala angakulembereni fulajilo, atapeza chomwe akuchiza.

Kutentha thupi kulikonse pambuyo pa ulendo, ngakhale kutabwera ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba, yezetsani malungo kaye, makamaka kwa ana, chifukwa malungo amadzibisa m'zizindikiro zomwezi. Ndipo Kazuni ili ndi chake chapadera. Dera lozungulira Vwaza lili ndi ntchentche za kashembe zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera, ndipo chipatala cha Rumphi chakhala chikulandira odwala matendawa kwa zaka zambiri. Mtundu wa kaodzera wopezeka kuno umayenda mofulumira: kutentha thupi, mutu ndi kufooka zingayambe pasanathe masabata atatu mutalumidwa, nthawi zina ndi chotupa chowawa pomwe ntchentche inaluma. Dokotala wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre sangauganizire msanga ngati simunamuuze komwe munali. Akakuyezani malungo n'kupeza kuti mulibe, koma thupi likutenthabe, nenani momveka kuti munali ku Kazuni, pafupi ndi Vwaza, ndipo tchulani tsiku lomwe munafikako ndi lomwe munachokako.